Bakapu ya kompyuta ya panyumba: mafunso ndi mayankho pa madisiki awiri ndi makope atatu

Mafunso awa ndi a munthu amene ali ndi kompyuta imodzi panyumba, momwe muli zithunzi za banja, zolemba za sukulu kapena za kuntchito, ndi mavidiyo, ndipo akufuna kuti zimenezi zisadzatayike. Zitsanzo zambiri ndi za Windows, koma pamene Mac ikusiyana kwambiri tanena.

Ndinasamutsira zithunzi zanga zonse pa disiki yakunja kuti kompyuta ipepukidwe. Imeneyo si bakapu?

Ayi. Mwangozisintha malo. Ngati chithunzi chili pa disiki yakunja pokha, ndiye kuti kope lake ndi limodzi, ndipo disikiyo ikagwa patebulo chithunzicho chapita nayo limodzi. Fayilo imakhala ndi bakapu ikamapezeka pa zipangizo ziwiri kapena kuposerapo panthawi imodzi. Nayonso foda yachiwiri pa kompyuta yomweyo sikuthandizani, ngakhale itakhala pa D: pomwe zinazo zili pa C:, chifukwa m'makompyuta ambiri zilembo ziwirizi ndi zigawo chabe za disiki imodzi.

Ndiye makope akhale angati?

Atatu. Pali lamulo lodziwika bwino lotchedwa 3-2-1, limene linafalitsidwa ndi katswiri wojambula zithunzi Peter Krogh. Limati fayilo iliyonse yofunika ikhale ndi makope atatu, pa mitundu iwiri ya zosungira, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumba. Kope limene lili pa kompyuta limawerengedwa ngati loyamba, choncho mukufunika ena awiri okha.

Koma kuwerenga makope pakokha kumanyenga. Chofunika kwambiri n'chakuti makopewo asafe ndi ngozi imodzi. Madisiki awiri amene ali m'chikwama chimodzi ndi laputopu amabedwa tsiku limodzi. Madisiki awiri amene munakoperapo usiku womwewo onse amakhala ndi fayilo yowonongeka yomweyo, ngati inawonongeka masana inu osadziwa. N'chifukwa chake makope ayenera kusiyana m'njira ziwiri: asiyane malo, asiyanenso tsiku limene anapangidwa. Mfundo yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri amaiphonya, ndipo dongosolo lonse lili m'munsimu lamangidwa pa iyo.

Bwanji osangosiya disiki imodzi yolumikizidwa nthawi zonse kuti izidzikopera yokha?

N'zosavuta ndithu, ndipo n'zabwino kuposa kukhala opanda kalikonse. Vuto n'lakuti chilichonse chimene kompyuta ikutha kulembapo, vairasi nayonso itha kulembapo. Mavairasi otseka mafayilo n'kumafuna dipo, monga WannaCry imene inasokoneza makompyuta m'maiko ambiri mu Meyi 2017, amafunafunanso madisiki olumikizidwa n'kutseka zimene zili mmenemo. Mphenzi kapena magetsi obwera mwamphamvu atha kuwotcha kompyuta pamodzi ndi zimene zalumikizidwako. Disiki imene ili m'dirowa, chingwe chake chitazulidwa, zonsezi siziifika.

Ndigule disiki yotani, yaikulu bwanji?

Yambani mwaona kukula kwa zimene muli nazo. Dinani foda ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Properties, mulembe nambala ya Size. Disiki ikhale yaikulu kuwirikiza kawiri kapena katatu nambala yonse, chifukwa idzafunika kusunga makope akale, ndipo zithunzi zimangochulukirachulukira. Musadabwe kuona disiki yolembedwa 1 TB pabokosi ikuoneka ngati 931 GB pa Windows. Sanakubereni: opanga amawerenga ndi 1000, pomwe Windows imawerenga ndi 1024.

Hadi disiki yokhala ndi mbale zozungulira mkati imapereka malo ambiri pa mtengo wotsikirapo, koma imaopa kugwa, makamaka ikamazungulira. SSD, disiki yopanda mbale zozungulira, ndi yachangu ndipo sivutika ndi kugwedezeka, koma si yoti muisiye m'bokosi zaka zambiri osailumikiza, chifukwa imasunga zinthu ndi timphamvu ta magetsi timene timatha pang'onopang'ono. Pa bakapu ya mlungu ndi mlungu zonse ziwiri zimagwira ntchito. Fulashi yaing'ono ija yomangirira ku makiyi ndi yonyamulira mafayilo basi, musaiwerenge ngati kope.

Onaninso mmene disikiyo inafomatidwira. FAT32 imakana fayilo iliyonse yoposa 4 GB, ndiye vidiyo yaitali idzalephera kulowa. Ngati mumagwiritsa ntchito Windows yokha, sankhani NTFS. Ngati disiki izilowa pa Windows ndi pa Mac pomwe, exFAT ndiyo imamveka konsekonse, poti Mac imawerenga NTFS koma silembapo popanda pulogalamu yowonjezera. Kufomata kumafufuta zonse, choncho chitani zimenezi disiki ikadali yopanda kanthu.

Ndikopere chiyani? Kompyuta yonse?

Kwa anthu ambiri sizifunika. Windows ndi mapulogalamu mutha kuwaikanso, ngakhale zimatenga tsiku. Zimene simungazipezenso kwina ndi zimene munapanga nokha, ndipo zambiri zimakhala mu Documents, Pictures, Videos ndi Desktop. Zimene zimaiwalika ndi izi: foda ya Downloads, momwe anthu amasiya malisiti ndi mafomu ofunika, mafayilo a maimelo akale a Outlook othera ndi `.pst`, mafayilo a pulogalamu yowerengera ndalama amene mwina ali m'foda yakeyake, ndiponso zithunzi zimene zikadali m'foni. Zithunzi za m'foni muzizitsitsira pa kompyuta musanayambe bakapu, kuti zilowe nawo m'dongosolo.

Dongosolo lenileni la mlungu ndi mwezi lingaoneke bwanji?

Tiyerekeze kuti pa laputopu pali 320 GB: zithunzi 210 GB, mavidiyo 95 GB, zolemba 15 GB. Mwagula madisiki awiri a 1 TB. Matani kapepala pa iliyonse, ina A ina B, ndipo muisinthenso dzina mu File Explorer kuti pasikirini pazioneka zomwezo. Zikuoneka zazing'ono, koma madisiki awiri akuda ofanana amasokoneza, makamaka usiku.

Disiki A imakhala panyumba ndipo ndi ya mlungu uliwonse. Pa iyo mugwiritse ntchito File History, pulogalamu ya bakapu imene yakhala mu Windows kuyambira pa Windows 8 mu 2012, ndipo imapezeka mu Control Panel. Mukaiyatsa koyamba imakopera zonse za m'mafoda anu akuluakulu, kenako imangotenga zimene zasintha, osafufuta zakale. Lamlungu madzulo lumikizani A, dinani Run now, dikirani imalize, muichotse ndi Eject, n'kuibweza m'dirowa. Ulendo woyamba ndi wotenga nthawi. Hadi disiki yonyamula pa USB 3 imalemba pafupifupi 100 MB pa sekondi, ndiye 320 GB ndi ola limodzi kapena kuposerapo, ndipo timafayilo ting'onoting'ono tikachuluka liwiro limatsika. Pa doko lakale la USB 2 yembekezani maola atatu kapena kuyandikira pamenepo. Maulendo otsatira amakhala a mphindi zochepa. Chenjezo limodzi: foda imene munaipanga nokha kwina, monga pa D:, File History siiona pokhapokha mutaiphatikiza mu laibulale ya Windows.

Disiki B imakhala kunja kwa nyumba, kwa munthu amene mumamukhulupirira kapena m'kabati yokhoma ya kuntchito, ndipo imabwera kamodzi pamwezi. File History imagwira ndi disiki imodzi panthawi, ndipo kumaisinthasintha n'kotopetsa, choncho pa B ndi bwino kugwiritsa ntchito `robocopy`, pulogalamu yokopera mafayilo imene ili kale mu Windows. Ubwino wina n'kuti mukakhala ndi njira ziwiri zosiyana, vuto la pulogalamu imodzi siliwononga makope onse. Tsegulani Command Prompt mulembe motere, mutasintha dzina ndi chilembo cha disiki kuti zigwirizane ndi zanu:

```
robocopy "C:\Users\Dzina\Documents" "E:\Zolemba\2025-03" /E /XJ /R:1 /W:1
robocopy "C:\Users\Dzina\Pictures" "E:\Zithunzi" /E /XC /XN /XO /R:1 /W:1
```

Mzere woyamba ukukopera zolemba zonse m'foda yatsopano yokhala ndi chaka ndi mwezi. Mwezi wamawa mudzasintha nambalayo kukhala 04, ndipo foda ya Malichi idzakhala osakhudzidwa. Mzere wachiwiri ndi wa zithunzi, ndipo mavidiyo muwachitenso chimodzimodzi. Zithunzi n'zazikulu kwambiri moti simungazikopere zonse mwatsopano mwezi uliwonse, koma mwayi wake n'kuti sizisintha. Zilembo `/XC /XN /XO` zikuuza pulogalamuyo kuti fayilo imene ili kale pa B isaigwire, ingowonjezera zatsopano. Motero chithunzi chikawonongeka pa laputopu, sichikalemba pamwamba pa chabwino chija. Koma zimenezi zikutanthauzanso kuti chithunzi chimene mwachikonza dala sichidzapita pa B ngati dzina lake ndi lomwelo, ndiye muzichisunga ndi dzina lina. Nazo `/R:1 /W:1` musaziiwale. Popanda izo, `robocopy` ikakumana ndi fayilo yokanika imayesa mpaka maulendo 1 miliyoni, n'kumapuma masekondi 30 pakati, inu n'kumaganiza kuti kompyuta yaima.

Malo akukwana? Zithunzi ndi mavidiyo ndi 305 GB. Zolemba za miyezi 12 ndi 15 GB kuchulukitsa ndi 12, kupereka 180 GB. Zonse pamodzi 485 GB, pa disiki ya 931 GB. Chaka chikatha mutha kufufuta mafoda ena akale, n'kusiyako imodzi ya miyezi itatu iliyonse.

Tsiku limene B yabwera ndi tsiku lofooka pa dongosolo lonseli, chifukwa makope onse atatu ali m'nyumba imodzi. Musalumikize A ndi B panthawi imodzi, ndipo B ibwerere mawa lake, isagonere mlungu wonse pashelefu. Amene angakwanitse disiki yachitatu amathetsa vutoli pozisinthanitsa, kuti nthawi zonse ina ikhale ili kunja.

Pa Mac zinthu n'zophweka. Time Machine, pulogalamu yake ya bakapu, imalola madisiki angapo ndipo imawasinthasintha yokha. Imasunga makope a ola lililonse kwa maola 24, a tsiku lililonse kwa mwezi umodzi, ndi a mlungu uliwonse kupita m'mbuyo, mpaka disiki itadzaza, pomwe imayamba kufufuta akale kwambiri.

Ndinauzidwa kuti ndigwiritse ntchito `/MIR` pa lamulo la `robocopy` kuti disiki izifanana ndendende ndi kompyuta. Vuto lake n'chiyani?

Vuto lake ndi kufanana ndendende komweko. `/MIR` imagwira ntchito ngati kalilole: mukadzipaka matope kumaso, nayenso wa m'kalilolemo wadzipaka. Mukafufuta foda mwangozi pa kompyuta, ulendo wotsatira imakafufutanso pa disiki. Mukasemphanitsa mafoda awiri polemba lamulolo, yopanda kanthu n'kukhala kutsogolo, imapukuta zenizenizo, osadutsa mu Recycle Bin.

Tibwerere ku laputopu ija. Pa 4 Malichi magetsi azima mwadzidzidzi batire litatha kale, pamene munthu anali kusunga lipoti lalitali. Fayilo yawonongeka, koma dzina lake likuoneka bwinobwino m'foda, ndipo iye sakuitsegulanso mpaka pa 20 Epulo, pamene Word ikumuuza kuti singathe kuiwerenga. Akanakhala kuti amagwiritsa ntchito `/MIR` pa madisiki onse awiri, bwenzi ali ndi makope atatu a fayilo yakufa, chifukwa A inalandira yowonongekayo Lamlungu lotsatira, ndipo B inailandira kumayambiriro kwa Epulo. Ndi dongosolo lathuli ali ndi njira ziwiri. Pa A atsegula File History, adina Restore personal files, abwerera m'mbuyo ndi muvi wakumanzere mpaka tsiku la pa 4 Malichi lisanafike, n'kutenga kope la pamenepo. Ngati A nayo yavuta, pa B foda ya `2025-04` ili ndi yowonongeka, koma ya `2025-03`, imene inapangidwa pa 1 Malichi, ili ndi yabwino. Zimene ataye ndi za masiku ochepa amene anagwira ntchito pambuyo pa kope lomalizalo, osati lipoti lonse.

Apa mpamene mungadziwirenso ngati kamodzi pamlungu n'kokwanira kwa inu. Dzifunseni kuti ntchito ya masiku angati mungalole kuibwereza. Wolemba pepala lomaliza la kuyunivesite sangalole masiku 7, ndiye panthawi imeneyo A azilumikiza madzulo aliwonse.

Nanga Google Drive kapena OneDrive singalowe m'malo mwa disiki B?

Pa zolemba zazing'ono ingathe, ndipo ili ndi ubwino wakuti simunyamula kanthu. Koma dziwani zinthu ziwiri. Choyamba, malo aulere ndi ochepa, 15 GB pa Google ndi 5 GB pa OneDrive, moti zithunzi za 210 GB sizingakwane popanda kulipira, ndipo kuzikweza kumafuna intaneti yamphamvu. Chachiwiri, mapulogalamu amenewa ntchito yawo yaikulu ndi kufananitsa mafoda, choncho mukafufuta kuno zimafufutikanso uko. Zofufutidwa zimakhala m'bini kwa masiku 30 pa maakaunti wamba, kenako zimapita. Amene wazindikira patapita milungu 7 wachedwa.

Palinso msampha wina kwa ogwiritsa ntchito OneDrive. Fayilo imene ili ndi kachizindikiro ka mtambo pambali pake sili pa kompyuta panu, pali dzina lokha. Musanapange bakapu ya pa disiki, dinani fodayo kumanja n'kusankha Always keep on this device, mudikire zitsike. Onaninso njira ya foda, chifukwa OneDrive ikayatsidwa zolemba zanu mwina zasamukira ku `C:\Users\Dzina\OneDrive\Documents`, ndipo lamulo lanu lakale likhala likukopera foda yopanda kanthu.

Ndingadziwe bwanji kuti bakapu yanga ikugwiradi ntchito?

Pobweza fayilo. Palibe njira ina yodalirika. Koma yambani ndi kuwerenga zimene pulogalamu yakuuzani. `robocopy` ikamaliza imalemba kathebulo kokhala ndi mitu monga Total, Copied, Skipped ndi FAILED. Pansi pa FAILED pazikhala 0. Ngati pali nambala ina, kawirikawiri ndi fayilo imene inali yotsegula panthawiyo, monga ya Outlook, ndiye tsekani pulogalamuyo mubwereze. Mu File History yang'anani tsiku limene yalemba kuti inakopera komaliza. Zimachitika kuti munthu amalumikiza disiki mokhulupirika Lamlungu lililonse pomwe tsikulo linaima miyezi yapitayo, mwina chifukwa disiki inadzaza. Mu Advanced settings muli Keep saved versions, imene poyamba imakhala pa Forever. Mukaona malo akuchepa, isinthireni ku chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kenako, kamodzi pa miyezi itatu, sankhani mafayilo angapo, chithunzi chakale, vidiyo yaikulu ndi cholemba cha posachedwa, muwatsegule kuchokera pa disiki. Vidiyo muidumphitse mpaka chakumapeto, chifukwa fayilo yoduka imayamba bwinobwino. Mu File History musadine batani lobiriwira mwachindunji poyesa, chifukwa limabwezera fayilo pamalo pake penipeni. Lidineni kumanja musankhe Restore to, muiike m'foda ina. Amene akufuna umboni wotheratu atsegule PowerShell alembe izi pa fayilo ya pa disiki, abwerezenso pa ya pa kompyuta:

```
Get-FileHash "E:\Zithunzi\ukwati.jpg"
```

Pamatuluka mzere wautali wa zilembo ndi manambala. Mizere iwiriyo ikafanana, mafayilowo ndi ofanana mpaka kadontho komaliza.

Chinthu china choyang'ana nthawi iliyonse ndi chilembo cha disiki. Lero ndi E:, mawa mutalumikiza fulashi poyamba, itha kukhala F:, ndipo lamulo lanu likalemba pa fulashiyo.

Disiki yakunja ikamafa imaonetsa zizindikiro?

Nthawi zina. Hadi disiki ikayamba kulira kuti tiki tiki mobwerezabwereza, kukopera kukamaima pa fayilo yomweyomweyo, kapena Windows ikamakuuzani kuti muifomate disiki imene dzulo inali bwino, pali vuto. Musavomere kufomata. Yesani kaye chingwe china ndi doko lina, poti zingwe zimafa msanga kuposa madisiki. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki imalemba zokhudza thanzi lake. Ikaonetsa Caution yachikasu, makamaka pa Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, ndipo manambalawo akukwera, gulani ina. Koma disiki itha kufanso ikuonetsa Good, makamaka SSD imene ilibe phokoso loti n'kukuchenjezani. Ikafa A, bweretsani B msanga mukoperepo zatsopano, chifukwa mpaka mutagula ina mwatsala ndi makope awiri okha.

Ndatsegula kompyuta, mafayilo onse asintha mayina ndipo pali uthenga wofuna ndalama. Ndilumikize disiki kuti ndibweze?

Musalumikize. Vairasi ikadali mmenemo ndipo idzatseka zimene zili pa disikiyo. Chotsani kompyuta pa intaneti, ifufutidwe yonse n'kuikanso Windows, kenako mpamene mulumikize A, B ikadali kutali mpaka mutaona kuti zonse zili bwino. Pobweza sankhani tsiku la m'mbuyo vuto lisanayambe.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chimagwira vuto lotere lisanalowe pa B. Musanakopere zithunzi, onjezani `/L` kumapeto kwa lamulo lija. Ikatero `robocopy` imangosonyeza zimene ikanakopera, osakopera kanthu. Ngati mwezi uno mwajambula zithunzi pafupifupi 200 koma pansi pa Copied palembedwa 40000, imani, muzule disiki, mufufuze. Mwina mwangosintha dzina la foda yaikulu, ndipo pulogalamu ikuona ngati zonse ndi zatsopano. Mwinanso ndi vairasi imene yasintha mayina a mafayilo.

Disiki B ili m'manja mwa munthu wina. Sangaone zinsinsi zanga?

Angaone, ngati simunaitseke. Pasiwedi yolowera mu Windows siteteza disiki yakunja, aliyense woilumikiza pa kompyuta yake amawerenga zonse. Pa Windows Pro muli BitLocker To Go: dinani disiki kumanja, musankhe Turn on BitLocker, muike pasiwedi. Windows Home imatha kutsegula disiki yotsekedwa motero koma siyingaitseke yokha, ndiye kumeneko anthu amagwiritsa ntchito VeraCrypt, imene ndi yaulere. Time Machine imafunsa za kutseka pomwe mukusankha disiki.

Mukatseka, mwadzibweretsera ngozi ina yatsopano, chifukwa mukaiwala pasiwedi palibe katswiri amene angakutsegulireni. BitLocker imakupatsani kiyi wopulumutsira wa manambala 48. Musamusunge pa laputopu yomweyo, chifukwa tsiku limene mudzamufune ndi limene laputopuyo idzakhale itabedwa kapena itafa. Mulembeni papepala kawiri, lina muike pamodzi ndi zikalata zanu zofunika, lina kwa munthu wina amene si wosunga disikiyo. Mukamaliza, yesani kutsegula B pa kompyuta ina pogwiritsa ntchito manambala a papepalapo, kuti muone ngati simunalumphe nambala polemba.